Ganyu ali ndi nyengo yake: miyezi khumi yanga pa Namitete

Munthu ntchito ikamuthera, funso loyamba lomwe anzake amamufunsa ndi lakuti, "Ndiye wasunga zingati?" Funsoli silithandiza kwenikweni. Lothandiza ndi lakuti, "Zomwe wasungazo zikufikitsa tsiku liti?" Ndalama ukaiwerenga m'makwacha imaoneka yambiri, koma ukaiwerenga m'masiku imakuuza zoona, ndipo ndi masikuwo omwe amasankha ganyu woti ugwire ndi woti umukane.

Ntchito yanga ya m'shopu mumzinda wa Lilongwe inatha kumapeto kwa Okutobala 2023. Ine, akazi anga ndi mwana wathu wa chaka chimodzi tinasamukira pa Namitete, m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, kufupi ndi kwawo kwa mayiwa. Titalipira galimoto yonyamula katundu, mu foni munatsala K85,000. Tinachotsapo K20,000 ya lendi ya miyezi iwiri, n'kutsala ndi K65,000. Ufa, ndiwo, makala, sopo ndi phala la mwana zinkadya pafupifupi K2,500 patsiku. Ndiye kuti tinali ndi masiku 26 basi. Sabata yachiwiri ya Novembala boma linatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, mitengo m'magolosale n'kusintha usiku umodzi, ndipo masiku athu aja anatsika kufika pa 20.

Chiwerengero chimenechi chinandiuza chinthu chimodzi momveka bwino: sindikanatha kudikira ntchito yolipira pakutha pa mwezi, ngakhale ikanakhala yabwino bwanji. Ndinkafunika ntchito yolipira lero kapena mkuja.

Kufunsa ntchito yomwe ilipo

Tsiku loyamba ndinkafuna kuyamba ndi mashopu ndi malo ogonapo alendo, popeza ndi ntchito yomwe ndinkaidziwa. Alamu anga, omwe akhala akugwira maganyu pamalopa kuyambira ali mnyamata, anaseka.

"Alamu, mwezi uno m'shopu mulibe ndalama. Ndalama ili ku munda. Wa shopu nayenso akusaka munthu womulimira."

Ananena zoona. Malo ngati Namitete, Msundwe, Nsaru, Kabudula kapena Nambuma timawatcha tauni chifukwa cha magetsi, zigayo ndi msika, koma amapuma ndi mpweya wa kumunda. Kuyambira Okutobala mpaka mvula itagwa, ntchito ndi yopanga mizere. Disembala ndi Januwale ndi kupalira ndi kubandira. Febuluwale ndi Malichi ndi kuthyola fodya, kusoka ndi kupachika m'zigafa. Msika wa fodya ku Kanengo ukatsegulidwa, kawirikawiri mu Epulo, pamabwera kusankha fodya ndi kudinda mabelo, nthawi yomweyonso anthu akumenya soya, kukumba ndi kuthothola mtedza, ndipo mavenda amapachika masikelo awo. Ndalama za zokolola zikalowa m'matumba mwa anthu, kuyambira Juni mpaka Okutobala, ndi pamene amaumba njerwa, kumanga nyumba ndi kufuna wothirira m'madimba.

Ukadziwa kalendala imeneyi umasiya kuyenda khomo ndi khomo kufunsa kuti, "Kodi pali ntchito?" Funso limeneli yankho lake limakhala limodzi, loti palibe. Alamu anandiphunzitsa kufunsa motchula ntchito yake: "Bambo, ndaona munda wanu wa kuseri kwa chigayo udzu wayamba kutseka chimanga. Mwapeza kale wopalira?" Apa munthu amadziwa kuti wauona mundawo ndipo khasu uli nalo.

Olemba aganyu enieni pa tauni yaing'ono si anthu obisika ayi. Ndi aphunzitsi, anamwino, apolisi, eni mashopu ndi eni zigayo, anthu omwe ali ndi minda koma alibe nthawi yoilima. Pa Namitete pali chipatala cha St Gabriel ndi sukulu ya ntchito zamanja, choncho anthu olandira malipiro a pamwezi alipo ndithu. Anthu otere amakhala ndi ndalama m'masiku otsatira malipiro, ndiye kukambirana nawo ganyu pa 27 kapena pa 2 n'kosiyana kwambiri ndi kukambirana nawo pa 15.

Ekala si ekala

Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsapo, chifukwa ndalama yambiri ya waganyu simatayika pa tsiku lolandira. Imatayika pa tsiku logwirizana, khasu lisanakhudze nthaka.

Mu Disembala mayi wina wa golosale anandiitana kuti ndikamupalirire chimanga. Anati munda ndi ekala imodzi ndipo alipira K24,000. Mtengowo unali womwe anthu ambiri ankatchula chaka chimenecho kudera kwathuko. Alamu anati tisayankhe kaye, tipite tikauone.

Kumudzi ekala timaiyeza ndi masitepe 70 mulitali ndi 70 mulifupi. Muyesowu umayenda bwino sitepe ikakhala ya masentimita 90, chifukwa mbali iliyonse imakwana mamita 63. Koma mwini munda akakhala wamtali, n'kumatambasula miyendo mpaka sitepe kufika mita yathunthu, 70 yake ija imatulutsa munda woposa ekala ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Ukhoza kupalira tsiku lathunthu ndi theka laulere osadziwa. N'chifukwa chake waganyu wozindikira amayenda yekha masitepewo mwini wake akuona, mwaulemu, ngati akungofuna kudziwa malire.

Munda wa mayi uja unali ekala yoona. Nkhani inali pa mizere. Makolo athu ankatalikitsa mizere masentimita 90, ndipo pa ekala pamakhala mizere pafupifupi 71. Alangizi a zaulimi masiku ano amalimbikitsa masentimita 75, ndipo pa ekala yomweyo pamakhala mizere 85. Mayiwa anatsatira malangizo a alangizi, zomwe ndi zabwino kwa iwo, koma kwa wopalira ndi mizere 14 yowonjezera pa mtengo womwewo.

Tinakhala pa chulu n'kuwerengera pa foni. Ine ndikayamba mbandakucha mpaka dzuwa litafika pamutu, ndinkapalira mizere 12 ya kutalika kumeneko. Pa munda wa mizere 71 ndikanamaliza m'masiku asanu ndi limodzi, mzere uliwonse n'kundipatsa K338, kapena kuti K4,000 patsiku. Pa munda wa mizere 85 masiku ndi asanu ndi awiri ndi kachidutswa, mzere n'kutsika kufika K282, patsiku K3,400. Kwa munthu wa pamwezi kusiyanaku n'kochepa. Kwa ife inali ndiwo ndi sopo wa tsiku limenelo.

Kenako alamu anawerama n'kuzula udzu pang'ono. Udzu nawonso uli ndi mtengo wake. Chisoso ndi bonongwe zimagwa ndi khasu limodzi. Kapinga ndi dawe zimayala mizu pansi, umachita kukumba ndi kukutumula, ndipo mizere 12 ija imatsika kufika 8. Khovani ukamudula n'kumusiya pamzere, mvula ikagwa usiku amadzukanso, mwini munda n'kumati sunapalire. Kumunsi kwa munda uja, komwe kumasunga madzi, kunali dawe wambiri.

Titabwerera kwa mayi aja, sindinanene kuti ndalama yachepa. Ndinati, "Mayi, munda wanu ndi wosamalika, koma uli ndi mizere 85, ndipo kumunsi kuli dawe. Bwanji tigwirizane pa mzere, K350 umodzi, kuti tonse tiziona pomwe ntchito yafika?" Anakana, anati aganyu ndi ambiri. Zinali zoona, chifukwa mwezi umenewo pakhomo pawo pankafika anthu atatu kapena anayi m'mawa uliwonse. Koma nawonso ankadziwa kuti wotchipa amapalira pamwamba n'kukwirira udzu. Tinakumana pa K320, zonse pamodzi K27,200.

Chomwe ndinalimbikira kwambiri si mtengowo koma kalipiridwe. Tinagwirizana kuti masiku awiri alionse madzulo tiziwerenga mizere yomwe yatha, iwo n'kutumiza pa Airtel Money. Ubwino wake ndi wa mbali zonse. Mwini munda salipira ntchito yomwe sanaione, ndipo waganyu sakhala ndi ngongole yaikulu kwa munthu mmodzi. Ndalama ikalephera kubwera kawiri motsatizana, umadziwa msanga, n'kunyamula khasu lako utataya masiku anayi m'malo mwa asanu ndi atatu.

Miyezi yomwe ndalama simagula

Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi yovuta kwambiri, chifukwa ofuna ganyu amachuluka nthawi yomweyo chimanga chikukwera mtengo. Anthu akachuluka mtengo wa mzere umatsika, ndiye umagwira ntchito yomweyo n'kugula ufa wochepa. Chaka cha 2024 zinanyanya kaamba ka ng'amba ya El Niño. Kwathuko mvula inadula mu Febuluwale, ndipo mu Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Mwini munda akaona chimanga chikufota, safunanso wobandira.

M'miyezi imeneyi ndinkakonda ganyu wolipira chimanga kuposa wa ndalama. Ndowa ya chimanga yomwe mwagwirizana Lolemba imakhala ndowa yomweyo Loweruka, pomwe K5,000 ya Lolemba imafika Loweruka itachepa mphamvu. Pamafunika kungomvana ndowa yake ndi iti, ndipo idzadza mofanana ndi milomo kapena mosongoka. Ndinaonapo amuna awiri akuluakulu atatsala pang'ono kugwirana malaya chifukwa cha kamulu ka pamwamba pa ndowa.

Fodya ndiye anatipulumutsa. Mlimi wa bale sangadikire, chifukwa tsamba likapsa liyenera kuthyoledwa ndi kusokedwa tsiku lomwelo. Akazi anga ankapita kukasoka, mwana ali kumsana, n'kumalandira madzulo alionse malinga ndi kuchuluka kwa zomwe asoka. Mlimi wina anandinyengerera kuti ndikhale pa munda wake nyengo yonse, azindipatsa ufa, ndalama ndidzalandire akagulitsa ku Kanengo. Ndinakana. Mgwirizano wotere umafanana ndi utenanti, womwe boma linauletsa mu 2021 posintha lamulo la zantchito, ndipo ngozi yake ndi yoonekeratu: fodya akakagwa mtengo kapena kubwezedwa ku okushoni, woyamba kumva kuwawa ndi iwe amene unadikira miyezi inayi.

Pa sikelo salowa mlendo

Epulo atafika, tauni inasintha nkhope. Makhonde a mashopu omwe anali otseka anadzadza matumba a soya ndi mtedza, njinga ndi ngolo zikungotsitsa. Ntchito yokweza matumba m'malole ndi yomwe achinyamata ambiri amaithamangira, ndipo ndi yomwe ambiri amabwezedwako.

Chifukwa chake n'chakuti venda salemba munthu mmodzimmodzi. Amagwirizana ndi gulu, kudzera mwa mtsogoleri wake, pa mtengo wa thumba. Lole ya matani 30 imanyamula matumba 600 a makilogalamu 50. Gulu lathu linkalandira K100 pa thumba, ndiye lole imodzi inali K60,000. Tikakhala anthu khumi aliyense ankatenga K6,000 pa ntchito ya maola anayi kapena asanu. Munthu wa nambala 11 akalowa, gawo la aliyense limatsika ndi K500 ndi kanthu. Tsono musadabwe akakuyang'anani ngati mwabwera kudzawalanda nsima, chifukwa ndi zomwe mwabwerera.

Njira yolowera ndi ya kumbali. Ine ndinagula singano yosokera matumba ndi mpukutu wa ulusi mu Malichi, sikelo isanapachikidwe, n'kukadzionetsa kwa venda wina yemwe ankakonza sitolo yake. Masabata awiri oyamba ndinkangosoka matumba, kusesa ndi kuthandiza amayi opeta. Ndalama yake inali yochepa, koma ndinali pamalopo tsiku lililonse. Tsiku lina lole inafika madzulo anyamata awiri a m'gulu atapita ku maliro ku Mpingu, ndipo mtsogoleri anangoti, "Achimwene a singano, bwerani mugwire apa." Kuyambira pamenepo ndinali wa m'gulu.

K6,000 ija isakunamizeni. Lole sizibwera tsiku lililonse. Sabata yabwino tinkakweza zitatu, ina imodzi yokha, ndiye ukagawa pa masiku asanu ndi awiri umapeza kuti sunapose wopalira uja. Msana nawonso umatenga msonkho wake. Singano ija sindinaisiye, chifukwa ndi yomwe inkadzaza masiku opanda lole.

Kontilakiti ndi mwezi wake woyamba

Mu Juni kontilakita wina anayamba kumanga nyumba zogulitsiramo katundu chapafupi, ndipo ankafuna anthu oumba mabuloko a simenti ndi othandiza amisiri kwa miyezi itatu. Nkhani sinatuluke pa foni kapena pa chikwangwani. Ndinaimva kwa mnzanga wa pa sikelo yemwe mchimwene wake anali folomani. Zotsatsa za ntchito zomwe zimazungulira pa WhatsApp, zija zimati tumizani kaye K5,000 ya fomu pa Mpamba, sindinamvepo munthu yemwe anayamba nazo ntchito. Wolemba ntchito weniweni amafuna kuona chiphaso chako cha unzika ndi manja ako, osati ndalama yako.

Malipiro anali K3,500 patsiku, masiku 26 pamwezi, zonse K91,000. Izi zinkangodutsa pang'ono malipiro otsikitsitsa a K90,000 pamwezi omwe boma linakhazikitsa kumayambiriro kwa 2024. Poyerekeza ndi lole, inali ndalama yodziwika. Koma funso lija la masiku linabweranso: malipiro oyamba adzafika patatha masiku 30, ndipo pakhomo pankafunika K3,000 tsiku lililonse, kutanthauza K90,000 yoti tikhale nayo kale. Mu Novembala ntchito imeneyi sindikanaitha. Mu Juni tinali ndi K40,000 yochokera ku sikelo, matumba awiri a chimanga cha m'munda mwathu, ndipo mayi akunyumba ankaswa mtedza kwa venda. Ndinapemphanso folomani, tisanayambe, kuti pakati pa mwezi azindipatsako K20,000 yodzachotsera. Anavomera. Anzanga awiri omwe analowa opanda kalikonse anathera kwa a katapila, ndipo malipiro awo oyamba anangodutsa m'manja.

Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limazindikira mgwirizano wa nthawi yoikika komanso wa ntchito yoikika, choncho wa miyezi itatu si wongothandizidwa, ndi wantchito, ndipo akhoza kukadandaula ku ofesi ya zantchito ya boma. Koma dandaulo limafuna umboni. Ine ndinagula kope la K300, tsiku lililonse n'kumalemba deti, nthawi yoyamba ndi yowerukira, Loweruka lililonse folomani n'kusainira.

Miyezi iwiri yoyamba tinalandira bwino. Wachitatu zizindikiro zinayamba kuoneka, ndipo ndi zofanana kulikonse. Simenti inayamba kubwera matumba khumi m'malo mwa lole. Bwana anasiya kufika pamalopo, foni yake n'kumangoitana. Amisiri akuluakulu, omwe amanunkhiza zinthu msanga, anayamba kusowa mmodzimmodzi. Pakutha pa mwezi tinauzidwa kuti eni nyumba sanalipire. Tinadikira masabata asanu ndi limodzi. Pa tsiku lowerengera, buku la kampani linasonyeza masiku 21 pa dzina langa, langa linasonyeza 25 ndi siginecha ya folomani wawo yemwe. Ndinalandira ya masiku 25. Omwe analibe kope analandira zomwe anauzidwa.

Munda wako nawonso ndi bwana

Pali ganyu mmodzi yemwe salipira madzulo koma ndi amene amakutulutsa mu uganyu. Apongozi anatibwereka theka la ekala, ndipo vuto lake ndi lodziwika kwa aliyense wa kumudzi: sabata yomwe eni minda akulipira bwino kupalira ndi sabata yomweyo chimanga chako chikufuna khasu. Ukathamangira ndalama, udzu umadya fetereza wako, zokolola zimachepa, ndipo chaka chamawa umayamba ganyu msanga kuposa chaka chino. Mabanja ambiri amazungulira m'bwalo limeneli zaka ndi zaka, osati chifukwa cha ulesi, koma chifukwa njala ya lero imafuula kuposa ya mu Febuluwale.

Ife tinagawa tsiku. M'mawa unali wa eni ndalama, ndipo kuyambira 3 koloko madzulo tinkalowa m'munda mwathu tonse awiri, mizere inayi kapena isanu basi. Sabata iliyonse tsiku limodzi linali lathu lathunthu, ngakhale wina atabwera ndi mtengo wokoma. Chifukwa cha ng'amba tinangokolola matumba anayi. Koma awiri mwa matumba amenewo ndi omwe anandilola kuvomera kontilakiti ya mu Juni, ndipo kontilakitiyo ndi yomwe inandiphunzitsa kuumba mabuloko, luso lomwe likufunika kwambiri tsopano poti zomanga zikuluzikulu zinaletsedwa kugwiritsa ntchito njerwa zowotcha.

Okutobala akubwera, ndipo eni minda ayamba kale kufunsana za opanga mizere. Chaka chino mayi wa golosale uja ndi amene anatuma mwana kudzandifunsa ngati ndili ndi mpata. Ndawayankha kuti ndibwera Lachiwiri, tikayambe tawerenga mizere.